Kalata yopempha nthawi yoyamwitsa: lembani tsiku, ola ndi malo

Funso: "Ndimagwira ntchito yolandira ndalama pasitolo ina yogulitsa zipangizo zomangira nyumba m'tauni muno mu Mzuzu, ndipo ndimakhala ku Chibavi. Mwana wanga anabadwa pa 10 Malichi, tchuthi changa chauchembere chikutha ndipo ndikuyenera kubwerera pa 28 Epulo. Timayamba 7:30 m'mawa, nkhomaliro 12 mpaka 1 koloko, kuweruka 5 koloko. Ndikufuna kulembera abwana kalata yopempha nthawi yoyamwitsa, koma ndikuopa kuti aziti ndayamba matama. Ndilembe bwanji?"

Mayi, kalata imeneyi ikhale ndi mbali ziwiri zosiyana, ndipo musazisakanize. Mbali yoyamba ndi zimene lamulo linakupatsani kale. Pamenepo simukupempha chifundo, mukungodziwitsa abwana mwaulemu. Mbali yachiwiri ndi kakonzedwe kake, monga ola lenileni, malo ndi munthu wotsala pakauntala, ndipo apa ndiye mukupempha ndi kukambirana. Makalata ambiri amene amakanidwa amakhala atasokoneza ziwirizi. Ena amapempha mogwada chinthu chimene ndi chawo kale, ndiye bwana amaona ngati ali ndi mphamvu yonena kuti ayi. Ena amalamula mwaukali zinthu zimene zimafuna kugwirizana, ndiye bwana amauma mtima ngakhale pa zimene akanalola mosavuta.

Tiyambe ndi chimene ndi chanu. Lamulo la ntchito la 2000, pagawo 47, limapatsa mayi tchuthi chauchembere chosachepera masabata asanu ndi atatu akulandira malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamuloli, ndipo mwa zina inaikamo zoti mayi woyamwitsa apatsidwe nthawi yosachepera theka la ola, kawiri patsiku, mkati mwa maola antchito, kwa miyezi yosachepera isanu ndi umodzi kuchokera tsiku limene mwana anabadwa. Mawu oti "mkati mwa maola antchito" ndi amene akukutetezani. Ola lanu lankhomaliro ndi lanu kale, ndiye bwana sanganene kuti nthawi yoyamwitsa ndi yomweyo ya 12 mpaka 1. Bungwe loona zantchito padziko lonse la ILO nalo, pamgwirizano wake nambala 183 wa chaka cha 2000, limanena kuti nthawi yoyamwitsa iwerengedwe ngati nthawi yantchito ndipo ilipidwe. Mabwana ambiri amasitolo ndi makampani ang'onoang'ono sanamvepo za kusintha kwa 2021. Ena amakana chifukwa chosadziwa basi, osati chifukwa cha nkhanza. N'chifukwa chake kalata iyenera kutchula lamulo m'chiganizo chimodzi chofatsa, chopanda kuopseza.

Tsopano onani pamene amayi ambiri amaphonya: miyezi isanu ndi umodziyo imayambira pa tsiku lobadwa mwana, osati tsiku lobwerera kuntchito. Wanuyo wabadwa pa 10 Malichi, ndiye akwanitsa miyezi isanu ndi umodzi pa 10 Sepitembala. Mukabwerera pa 28 Epulo adzakhala ndi masabata asanu ndi awiri, ndipo nthawi yotsala imene lamulo likukuikirani kumbuyo ndi miyezi inayi ndi masabata awiri. Mukazengereza n'kulemba kalata mu Juni, masabata amene apitawo sadzabwezedwa kumapeto. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti masabata oyamba mutabwerera ndi amene mkaka umatha kuchepa msanga ngati bere likukhala tsiku lonse osakhuthulidwa. Choncho kalata ifike kwa abwana pofika pa 14 Epulo, kutatsala masabata awiri, kuti dongosolo liyambe tsiku loyamba lenilenilo.

Musanagwire cholembera, khalani pansi muwerenge maola a tsiku lanu, chifukwa mtima wa kalata uli pamenepo. Mwana wa masabata asanu ndi awiri amayamwa kasanu ndi katatu mpaka kakhumi ndi kawiri pa usana ndi usiku, ndiye kuti pafupifupi maola awiri kapena atatu aliwonse. Inu mukachoka pakhomo cha m'ma 7 m'mawa n'kufika cha m'ma 5:20 madzulo, pakhala maola oposa khumi. M'maola amenewo mwana afuna kudya katatu kapena kanayi, ndipo mawere anu afuna kukhuthulidwa kosachepera kawiri. Thupi limapanga mkaka molingana ndi umene wachotsedwa. Bere likadzaza n'kukhala choncho maola ambiri, thupi limamva kuti mkaka sukufunika ndipo limachepetsa. Zikatero masiku angapo motsatizana, mayi amayamba kunena kuti mkaka wauma wokha, agogo n'kuyamba kukonza phala mwana asanafike msinkhu wake.

Vuto lenileni la theka la ola ndi ulendo. Tiyerekeze kuti kuchoka pasitolo kufika pakhomo panu ku Chibavi pakabaza ndi mphindi 15 kapena 20, kuphatikiza kudikira wokunyamulani. Kupita ndi kubwera kwadya kale mphindi 30 mpaka 40, mwana asanagwire n'komwe bere. Mukalemba kalata yongoti "ndipatseni mphindi 30 m'mawa ndi 30 masana ndizikayamwitsa kunyumba", bwana avomera, koma tsiku lililonse muzibwera mochedwa ndi mphindi 20, ndipo pakutha sabata nkhani isanduka yoti mayi uja akuba nthawi. Mudzakhala mutadzitchera nokha msampha. Nthawi yamvula, ndipo mukudziwa kuti ku Mzuzu kuno mvula imagwabe mu Epulo mpaka kulowa Meyi, ulendo womwewo umatalika. Ndiye yesani ulendowo ndi wotchi tsiku limodzi musanalembe, pa ola lomwelo limene muzidzayenda, ndipo mulembe zimene mungathe kusunga.

Pali njira zitatu zogwiritsira ntchito matheka awiriwo. Yoyamba ndi yoti mlezi azibwera naye mwana pafupi ndi sitolo 10 koloko ndi 3 koloko. Kwa mwana ndi yabwino zedi chifukwa akuyamwa pabere, koma pasitolo yazipangizo pali fumbi lasimenti ndi fungo lapenti, komanso kumuyendetsa khanda pakabaza maulendo anayi patsiku m'chisanu cha Juni ndi Julayi sindingakulimbikitseni. Yachiwiri ndi kuphatikiza matheka onse awiri kukhala ola limodzi, n'kumaweruka 4 koloko. Mabwana amaikonda njira imeneyi chifukwa ndi yosavuta kuwerengera, ndipo amayi ambiri amailandira mwansangala. Koma kwa mwana wamng'ono chonchi ili ndi vuto: kuyambira 7 mpaka 12 koloko mawere sakhuthulidwa, maola asanu athunthu. Njira imeneyi imayamba kukhala bwino mwana akakula n'kuyamba kudya zina.

Imene ndingakusankhireni ndi yachitatu. Theka loyamba mulitenge 10:00 mpaka 10:30 m'mawa, mufinye mkaka pantchito pomwepo. Theka lachiwiri mulilumikize ku nkhomaliro, kuti muzichoka 12:00 n'kubwera 1:30. Mukatero muli ndi mphindi 90: 40 zaulendo, 50 zokhala pakhomo. Mwana ayamwa mawere onse awiri mosathamangitsidwa, inunso mudya. Tsiku lanu liziyenda chonchi. Cha m'ma 6 m'mawa mufinye mkaka m'kapu imodzi musiyire mlezi, chifukwa m'mawa ndi pamene amayi ambiri amakhala ndi mkaka wochuluka. Cha m'ma 6:40 muyamwitse, kenako munyamuke. Mlezi ammwetse wa m'kapu uja cha m'ma 9:30. Inu 10 koloko mufinye kuntchito, n'kupita nawo kunyumba masana. Cha m'ma 12:20 muyamwitse, ndipo ngati ali maso muyamwitsenso pang'ono musananyamuke 1:10. Mlezi ammwetse wa 10 koloko uja cha m'ma 3 masana. Mukafika 5:20 mupitirize pabere madzulo ndi usiku wonse monga afunira. Poteropo mpata wautali koposa umene mawere anu akhala osakhuthulidwa ndi wamasana, maola anayi ndi mphindi zochepa ngati mwana wayamwanso musananyamuke, ndipo mwana sakusowa chakudya.

Kulumikiza theka ku nkhomaliro kuli m'gulu la zopempha. Lamulo likunena theka la ola kawiri patsiku. Ola lake lenileni ndi logwirizana. N'chifukwa chake m'kalatamo muikemo njira yachiwiri yoti abwana asankhe ngati yoyamba ikuwavuta, mwachitsanzo ngati 1 koloko ndi pamene amisiri amadzaza pakauntala. Munthu ukampatsa njira ziwiri amaganizira yoti asankhe. Ukampatsa imodzi amaganizira zovomera kapena kukana.

Chopempha china ndi malo. Kufinya mkaka ndi manja kumatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti mawere onse awiri afewe, makamaka masiku oyamba, ndiye theka la ola lilibe mpata woti muyambe kufunafuna pokhala. Simukufuna chipinda chapamwamba. Mukufuna malo otsekeka, mpando, ndi madzi ndi sopo pafupi. Kachipinda kosungira mapepala kapena ofesi ya woona zandalama kwa mphindi 30 ndi zokwanira. Chimbudzi ayi, ngakhale chikhale chaukhondo bwanji, chifukwa chimene mukukonzacho ndi chakudya cha khanda. Chipinda chosungira penti, mankhwala achiswe kapena simenti ayinso. Malowo muwatchule ndi dzina m'kalata, popeza inu mukuidziwa sitoloyo. Mukangolemba kuti "malo oyenera", yankho lidzakhala loti tilibe.

Pa kasungidwe, mkaka wofinya umakhala bwino maola anayi pamalo osatentha, ndipo ukafinyidwa mwaukhondo kwambiri n'kuvundikiridwa pamalo ozizira umatha kufika maola asanu ndi limodzi. M'filiji umakhala mpaka masiku anayi, bola magetsi asamazime nthawi yaitali. Wa 10 koloko uja umwedwa patatha maola asanu, ndiye uyenera kusamalidwa: ngati pantchito pali filiji, pemphani kagawo, ngati palibe, uikeni m'kabotolo kotsekeka bwino, kotsukidwa ndi kuviikidwa m'madzi owira, n'kukaimika m'chiwiya cha madzi ozizira pamthunzi. Miyezi ya Meyi mpaka Ogasiti nyengo ya kuno ikuthandizani. Mlezi asauwiritse mkakawo. Angoimika kapu m'madzi ofunda, ndipo ammwetse ndi kakapu kakang'ono kopanda chivundikiro choyamwira, chifukwa kamatsukika bwino kuposa botolo la nsonga. Mwana wa msinkhu umenewu amamwa mamililita 60 mpaka 120 pakamodzi. Yambani kuyeserera kufinya ndi kumwetsa ndi kapu sabata ino, musadikire pa 28.

Chinthu chomaliza chokonzekera ndi funso limene lili m'mutu mwa bwana aliyense: nanga pakauntala pakhala ndani? Mukamusiyira funsoli kuti aliyankhe yekha, achedwa kuyankha kalata yonse. Lankhulani kaye ndi mnzanu amene angagwirire, mumve ngati akulola, kenako mulembe. Popeza ntchito yanu ndi yandalama, onjezani za kapatsiranidwe kake: muziwerengera limodzi ndalama za m'kabati musanachoke ndi pobwera, n'kusainirana m'kabuku. Zimenezi zikutetezani inuyo koposa. Ndalama ikasowa pa nthawi imene inu munali ku Chibavi, popanda kabuku mlandu ugwera inu, ndipo nkhani yoyamwitsa ithera pomwepo.

Nayi kalatayo. Ngati kuntchito kwanu makalata amalembedwa m'Chingerezi, mfundo zake zikhale zomwezi ndi mndandanda womwewu.

(Dzina lanu ndi keyala yanu)
14 Epulo (chaka)

Kwa Oyang'anira Sitolo
(Dzina la sitolo), Mzuzu

Bwana,

NTHAWI YOYAMWITSA MWANA NDIKABWERERA KUNTCHITO PA 28 EPULO

Ndikuthokoza chifukwa cha tchuthi chauchembere chimene ndinayamba pa 3 Malichi. Ndikutsimikiza kuti ndiyambiranso ntchito pa 28 Epulo nthawi ya 7:30 m'mawa.

Mwana wanga anabadwa pa 10 Malichi ndipo akuyamwa bere lokha. Molingana ndi lamulo la ntchito monga linasinthidwira mu 2021, mayi woyamwitsa amapatsidwa theka la ola kawiri patsiku mkati mwa maola antchito, kwa miyezi yosachepera isanu ndi umodzi kuchokera tsiku lobadwa mwana. Ndikukudziwitsani kuti ndidzagwiritsa ntchito nthawi imeneyi kuyambira pa 28 Epulo mpaka pa 10 Sepitembala.

Kuti ntchito isasokonekere, ndikupempha kuti tigwirizane motere. Theka loyamba likhale 10:00 mpaka 10:30 m'mawa, ndizifinya mkaka pasitolo pomwepano. Theka lachiwiri lilumikizidwe ku nkhomaliro, ndizichoka 12:00 ndi kubwera 1:30 masana, kuti ndizikayamwitsa kunyumba. Ngati nthawi ya 1:00 mpaka 1:30 ndi yovuta, ndingathe kumachoka 11:30 ndi kubwera 1:00.

Ndikupemphanso chilolezo chogwiritsa ntchito kachipinda kosungira mapepala pa mphindi 30 zam'mawazo, popeza n'kotsekeka, komanso malo pang'ono m'filiji osungira kabotolo kamodzi mpaka masana.

Ndalankhula ndi (dzina la mnzanu) ndipo avomera kukhala pakauntala pa nthawi zimenezi ngati inu mwalola. Tiziwerengera limodzi ndalama ndi kusainirana ndisanachoke ndiponso ndikabwera.

Chonde munditsimikizire polemba, pasanafike pa 24 Epulo, nthawi imene mwavomereza, komanso kuti malipiro anga ndi masiku anga atchuthi chapachaka sizidzakhudzidwa. Ndaphatikiza chithunzi cha tsamba la buku lakusikelo losonyeza tsiku lobadwa mwana. Ndili wokonzeka kubwera kudzakambirana tsiku limene mungandiuze.

Ine wantchito wanu,
(Siginecha, dzina, udindo ndi nambala yafoni)

Taonani mmene mawu asinthira pakati pa ndime yachiwiri ndi yachitatu. Pa zalamulo mwalemba kuti "ndikukudziwitsani", pa zakakonzedwe mwalemba kuti "ndikupempha". Ulemu ulipo ponseponse, ndipo palibe amene angawerenge kalata yotere n'kunena kuti ndi matama, chifukwa gawo lalikulu likukamba za mmene ntchito ya abwana iyendere bwino. Taonaninso zimene mulibe. Mulibe nkhani yoti mwana amalira usiku, yoti bambo ake sakuthandiza, kapena yoti mnzanu wina anakanizidwa chaka chatha. Mulibe kupepesa chifukwa chobereka. Mulibenso kutchula khoti kapena ofesi yaleba; zimenezo zili ndi nthawi yake, ndipo kuzitchula m'kalata yoyamba kumachititsa munthu amene akanavomera kuyamba kudziteteza.

Musalonjeze kubweza nthawiyo. Amayi ambiri, pofuna kuoneka abwino, amalemba kuti "ndizibwera 7 koloko kapena ndizigwira Loweruka mpaka madzulo kuti ndibweze". Mukatero mwavomereza ndi dzanja lanu kuti nthawiyo ndi ngongole, ndipo mwadzichotsera ola lomwe lija limene mumafuna kukhala ndi mwana. Musalembenso zaumoyo wanu zimene sizikufunika. Ngati muli pa mankhwala aliwonse, kuphatikizapo otalikitsa moyo, ndi nkhani ya inu ndi achipatala. Pojambula buku lakusikelo jambulani malo okhawo osonyeza dzina ndi tsiku lobadwa, zina zonse muphimbe ndi pepala.

Kaperekedwe kake n'kofunika ngati kalembedwe. Konzani makalata awiri ofanana. Pitani nawo nokha, ndipo ndi bwino kuyamba mwalankhula ndi abwana pakamwa, kuwapatsa moni ndi kuwafotokozera mwachidule, kenako n'kupereka pepala. Bwana wachikulire akangolandira kalata popanda mawu amaona ngati mwamusumira. Imodzi asunge, inayo asaine, alembe tsiku, adinde chidindo cha sitolo, mubwerere nayo. Akakana kusaina, musakangane nawo. Mukafika kunyumba jambulani kalatayo muwatumizire pa WhatsApp ndi mawu oti "Bwana, iyi ndi kalata imene ndakupatsani lero", ndipo uthengawo musaufufute. Ngati eni sitolo ndi ena ndipo woyang'anira ndi wina, kalata ipite kwa amene amasaina zatchuthi, winayo alandire yofanana nayo.

Mayankho amene mungalandire ndi amitundu ingapo, ndipo lovuta kwambiri si kukana ayi, koma kuvomera kwapakamwa. "Aaa, palibe vuto mayi, muzingopita." Mawu amenewa amakoma, koma pakatha mwezi woyang'anira akasintha kapena sitolo ikatanganidwa, palibe amene amawakumbukira. Mukayankhidwa choncho thokozani, kenako madzulo ake tumizani uthenga waufupi: "Zikomo bwana povomereza lero kuti ndizichoka 10:00 mpaka 10:30 ndi 12:00 mpaka 1:30 kuyambira pa 28 Epulo mpaka pa 10 Sepitembala." Akangoyankha kuti chabwino, muli ndi umboni. Akakhala chete mpaka pa 24 Epulo, akumbutseni kamodzi polemba, munene kuti muyamba kutsatira nthawi ya m'kalata pa 28 pokhapokha atakupatsani ina. Musangosowa pakauntala popanda kuuza munthu. Nthawi iliyonse nenani kuti ndikutuluka, ndipo bwerani pa mphindi yake.

Akakuuzani kuti "gwiritsani ntchito nkhomaliro yanu", yankhani mofatsa kuti nkhomaliro munali nayo kale musanabereke, ndipo matheka awiriwa ndi owonjezera. Akavomera koma kumapeto kwa mwezi n'kupeza malipiro adulidwa, yerekezani pepala lamalipiro la mwezi umenewo ndi la miyezi ya m'mbuyo, mufunse polemba chifukwa chake. Mudziwenso kuti kudula kwina sikuonekera pamalipiro: kukuchotserani masiku atchuthi chapachaka, kukulembani m'buku kuti mwachedwa, kapena kukusamutsirani mwadzidzidzi ku nthambi yakutali kumene simungafike kunyumba masana. Zoterezi muzizilemba m'kabuku kanu ndi masiku ake.

Zikakanika pasitolo, pitani ku ofesi yaleba ya mu Mzuzu momwemuno mutatenga kalata yanu yodindidwa, mauthenga, mapepala amalipiro, kontilakiti ngati muli nayo, ndi buku lakusikelo. Alangizi azantchito amaitana mbali zonse ziwiri kuti amve ndi kuyanjanitsa, ndipo nkhani zambiri zimathera pamenepo. Zikapitirira, khoti loona milandu yazantchito lili ndi nthambi ku Mzuzu. Ngati pantchito panu pali bungwe la ogwira ntchito, nthumwi yake ingakuperekezeni. Chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse n'chakuti musasiye ntchito chifukwa cha mkwiyo kapena kusaina pepala losiya ntchito limene wina wakulemberani. Mukasiya nokha, nkhani yanu imavuta kuitsata. Akakuchotsani, dandaulo loti mwachotsedwa mopanda chilungamo liyenera kufika kwa mlangizi wazantchito pasanathe miyezi itatu.

Dongosolo likayamba, muziliyesa ndi zimene mukuona pa mwana ndi pathupi panu, chifukwa zimenezo ndi zimene zidzakuuzeni ngati pakufunika kalata yachiwiri. Mwana amene akukhuta amanyowetsa matewera kasanu ndi kamodzi kapena kuposa pa usana ndi usiku, mkodzo wake ndi woyera, ndipo kusikelo mzere wake ukukwera. Masabata oyamba angayambe kuyamwa kwambiri usiku pobweza zamasana. Zimenezo si vuto ngakhale zimatopetsa. Koma matewera akachepa, mkodzo ukada, kapena sikelo ikaima, pitani kwa anamwino msanga ndipo musayambe phala kapena madzi panokha. Kumbali yanu, mukamafika 5 koloko mawere ali gwa ngati mwala ndi kuwawa, ndiye kuti mpata wamasana watalika. Pamenepo mungapemphe kusuntha maola: nkhomaliro ibwerere pa ola limodzi, theka lachiwiri lipite 3 koloko kuti muzifinya kawiri pantchito, kapena muyambe kumachoka 12:30 n'kubwera 2 koloko. Mukaona malo ena pabere afiira, atentha ndi kupweteka, thupi n'kutentha ngati malungo, musasiye kuyamwitsa bere limenelo, ndipo mupite kuchipatala tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Kalata ya dokotala yochokera kumeneko muisunge. Idzalimbitsa pempho lanu losintha maola.

Pa 10 Sepitembala mwana sasiya bere. Achipatala amalangiza kuyamwitsa mwakathithi miyezi isanu ndi umodzi, kenako kupitiriza pamodzi ndi zakudya zina mpaka zaka ziwiri kapena kuposa. Lamulo linaika miyezi isanu ndi umodzi ngati malire apansi, ndiye bwana angathe kuwonjezera, koma kuyambira pamenepo nkhani yonse ili m'gulu la zopempha. Ndadala sindinaike pempho limeneli m'kalata yoyamba, kuti lisalemeretse zimene zili zanu kale. Cha pakati pa Ogasiti, mutasunga nthawi miyezi itatu ndi theka popanda dandaulo, lembani kalata ina yaifupi. Mupemphe theka limodzi lokha, lolumikiza ku nkhomaliro kapena loti muziweruka 4:30, kwa miyezi itatu kufikira pa 10 Disembala, ndipo mutchulemo kuti kabuku kowerengera ndalama kakusonyeza kuti dongosolo loyamba linayenda popanda vuto.